Hamza Yabwerera Pamalo Pake: Kabuku ka Madrasa Yathu Kachira

Kabuku kathu ka Chiarabu kachira, ndipo kachira ndithu! Amene anakaona poyamba akakatsegula lero amayamba afunsa ngati ndi komwe kaja. Masamba ndi omwe aja 24, ziganizo ndi zomwe zija, wotaipa ndi yemwe uja. Chasintha n'chakuti mwana akaloza chala pa liwu, pakamwa pake pamatuluka zomwe mlembi anafuna kunena.

Madrasa yathu ili m'mudzi wa asodzi kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, mukadutsa pa Malindi kulowera kwa Makanjira. Dera lino si lachilendo ku zilembo za Chiarabu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, kwa Makanjira ndi kwa Mponda kunali kale alembi olemba makalata a Chiswahili m'zilembo zimenezi, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa anthu ambiri m'mbali mwa nyanjayi. Nthawi imeneyo zonse zinkalembedwa pamanja, ndipo wolemba anali munthu wodziwa zomwe akulemba. Lero wodziwa amalemba papepala, koma wotaipa pakompyuta nthawi zambiri amakhala wina. Mavuto amabadwira pakati pa anthu awiriwa.

A shehe athu, amene tsopano ndi achikulire, analemba pamanja ziganizo zosavuta za ana amene amaliza kuphunzira zilembo ndipo akuyamba kuwerenga mawu athunthu. Anasankha zinthu zomwe ana amaziona tsiku ndi tsiku: nyanja, msodzi, doko, sukulu. Kope lawo tinalitengera kuboma, tinaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kulipereka kwa mnyamata wina wotaipa amene anaphunzirako madrasa ali mwana. Zilembo amazidziwa bwino, dzanja lake ndi lachangu, koma malamulo a kalembedwe sanafike nawo patali.

Mmene kanalili

Tsiku lomwe ana anakalandira, mtsikana wina wowerenga bwino anaimirira n'kuwerenga chiganizo choyamba monga momwe chinalembedwera:

سال الولد اباه

A shehe anagwira pakamwa. Iwo analemba kuti "mnyamata anafunsa bambo ake". Liwu la Chiarabu lakuti anafunsa ndi سأل, lotchulidwa *sa'ala*, ndipo pakati pake pamakhala kudula mpweya pang'ono pakhosi. Kadulidwe kameneko ndi kamene kamatchedwa hamza, ndipo papepala ndi kachizindikiro kakang'ono ء kokhala pamwamba pa alifu. Kakachoka, liwulo limasanduka سال, *saala*, lomwe amanenera madzi akamayenderera. Mnyamata wa a shehe anali atasiya kufunsa bambo ake, akuyenderera ngati mtsinje wa m'dzinja!

Tsamba lotsatira linali ndi zake. Madzi m'Chiarabu ndi ماء. Hamza yakumapeto itagwa, panatsala ما, kaliwu kofunsira kuti "chiyani". Liwu lakuti nyanja linali litaduka pakati. Pa tsamba lina mawu omwewo anali ndi timizere ta katchulidwe, pa lina anali opanda kanthu. Pachikuto ndiye panali zoopsa: dzina la kabukuko linatuluka chilembo chilichonse chili pachokha, ndiponso zikuyenda chobwerera, kuchokera kumanzere kupita kumanja.

Mwanayo sanalakwe. Munthu wamkulu wodziwa chinenerochi akaona liwu lolakwika, mutu wake umalikonza asanazindikire n'komwe. Mwana alibe chokonzera, amakhulupirira pepala. Ichi n'chifukwa chake kabuku ka ana kamafuna kuunikidwa kwambiri kuposa kalata ya akuluakulu.

A shehe sanakalipire munthu. Anangondiuza kuti, "Mwanawe, ukamuuze mnzako wotaipa uja abwere ndi makina akewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kuwerenga katatu, vuto limodzi ulendo umodzi

Njira yomwe anatipatsa ndi imene yachiritsa kabukuka. Anati diso silingasake zinthu zitatu nthawi imodzi. Wofuna hamza, malumikizidwe ndi timizere pa ulendo umodzi amapeza pang'ono pa chilichonse, zambiri n'kumudutsa. Ndiye tinasindikiza masamba onse m'zilembo zikuluzikulu, kusiya mpata wokwanira pakati pa mizere, n'kugwirizana kuwerenga kabuku konse katatu. Woyamba ndi ulendo wa hamza yokha, wachiwiri wa malumikizidwe okha, wachitatu wa timizere tokha. Ntchito yake ili ngati ya msodzi wosoka khoka padoko: amayenda diso ndi diso, salumpha poti apa pakuoneka pabwino.

Tinakhala awiriawiri. Mmodzi ankawerenga mokweza pepala lotaipidwa, kutchula zokhazo zomwe zalembedwa, osati zomwe akudziwa kuti zimayenera kukhalapo. Mnzake ankatsatira ndi chala m'kope la a shehe.

Ulendo woyamba: hamza

Chifukwa chimene hamza imasowera n'chapafupi kuposa momwe ambiri amaganizira. Pa kiyibodi ya Chiarabu yomwe imapezeka pa makompyuta ambiri, alifu yopanda kanthu ili pa batani la H. Kuti mupeze أ mumagwira Shift ndi H, kuti mupeze إ mumagwira Shift ndi Y, ndipo آ ili pa Shift ndi N. Wotaipa wachangu amangomenya H n'kupitirira. Pafoni n'chimodzimodzi: alifu ya hamza imabisala mpaka mutakanikiza alifu kwa kanthawi. Kompyuta nayo siingakuchenjezeni nthawi zonse, chifukwa سال ndi liwu lenileni la Chiarabu. Ilo silinalakwe, langokhala pamalo pa mnzake.

Kumayambiriro kwa liwu lamulo ndi losavuta. Hamza yotchulidwa ndi "a" kapena "u" imakhala pamwamba pa alifu, monga أَب, bambo, ndi أُمّ, mayi. Yotchulidwa ndi "i" imatsikira pansi, monga إِلَى, kutanthauza "ku". Mnyamata wotaipa uja atamva zimenezi anakondwa, n'kuyamba kuika hamza pa alifu iliyonse yoyamba liwu. Masamba anabweranso atadzaza ndi إسم ndi إبن. Pofuna kuchiza njala, anabweretsa kudzimbidwa.

Apa ndi pamene a shehe anatulutsa muyeso umene aliyense angaugwiritse ntchito. Pali alifu ina yoyamba liwu imene imamveka pokhapokha mukayambira pa liwulo, koma mukalilumikiza ndi lam'mbuyo imazimirira. Imeneyo siilembedwa ndi hamza. Anati, "Ikani *wa* patsogolo pa liwulo, mulitchule, mumvetsere." Tinayesa ndi liwu lakuti dzina lake: pakamwa panatuluka *wasmuhu*, alifu osamveka. Ndiye kuti lilembedwe اسم, popanda hamza. Tinayesa ndi bambo ake: panatuluka *wa-abuuhu*, kudula kuja kukumveka bwinobwino. Ndiye kuti أبوه likhale ndi hamza yake. Mawu monga اسم, ابن, امرأة ndi اثنان, komanso ال imene imayamba mayina ambirimbiri, onse ali m'gulu losafuna hamza koyambirira.

Muyeso womwewu umalekanitsa mawu awiri ofanana kwambiri omwe Msilamu aliyense amawamva. أستغفر ndi "ndikupempha chikhululuko", ndipo hamza yake ndiyo imanena kuti wolankhula ndine. Mukaichotsa n'kusiya استغفر, mwasiya kupempha nokha. Mwina mukulamula mnzanu kuti apemphe, mwina mukusimba kuti wina anapempha. M'kabuku ka maduwa kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Pakati pa liwu, hamza imafuna pokhala, ndipo mpando wake umasankhidwa ndi mpikisano wa mphamvu. Mumayang'ana katchulidwe ka hamzayo ndi ka chilembo cham'mbuyo mwake, wamphamvu ndiye amapambana. Kasira, amene ndi "i", amaposa onse ndipo mpando wake ndi ئ. Wotsatira ndi dhamma, "u", mpando wake ؤ. Kenako fataha, "a", mpando wake أ. Sukuni, chizindikiro chakuti chilembo chilibe liwu lotsatira, ndiye wofooka pa onse. Tsinde limodzi lomweli la kufunsa limaonetsa mipando yonse itatu. Mu سَأَلَ, anafunsa, mbali zonse ndi fataha, hamza yakhala pa alifu. Mu سُئِلَ, anafunsidwa, kasira wagonjetsa dhamma. Mu سُؤَال, funso, dhamma wagonjetsa fataha.

Kumapeto kwa liwu mpikisano umatha. Chomwe chimalamula ndi chilembo cham'mbuyo chokha. Pambuyo pa fataha timalemba قَرَأَ, anawerenga. Pambuyo pa kasira timalemba شَاطِئ, gombe. Pambuyo pa liwu lokoka kapena sukuni, hamza imakhala pansi payokha, monga مَاء ndi شَيْء. Liwu lomalizali limakola ambiri, amene amaikweza hamza pa ya n'kulemba شئ.

Titamaliza ndi maso, kompyuta inatithandiza kutsimikiza. Mu Word, Chiarabu chikakhala chotsegulidwa, bokosi lofufuzira mawu limakhala ndi malo olembedwa Match Alef Hamza. Mukachongapo n'kufufuza mpata wotsatizana ndi alifu yopanda kanthu, imakutengerani pa liwu lililonse loyamba ndi alifu yotere, kupatula loyamba ndime, lomwe mumaliyang'ana ndi maso. Ambiri amakhala a ال, mumangowadutsa. Otsalawo mumawayesa ndi *wa*, limodzi limodzi.

Ulendo wachiwiri: malumikizidwe

Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo zambiri zimagwirana manja mbali zonse. Koma zisanu ndi chimodzi, ا د ذ ر ز و, zimalola kugwiridwa ndi cham'mbuyo n'kukana kugwira chakutsogolo. Wodziwa zimenezi ali ndi chida chabwino: angathe kuwerengeratu kuti liwu liyenera kukhala ndi zidutswa zingati. Tengani مدرسة. Mimu wagwira dali, dali wakana ra, ra wakana sini, sini wagwira chilembo chomaliza. Zidutswa zitatu. Tengani البحيرة, nyanja. Alifu payekha, kenako gulu lalitali lothera pa ra, kenako chomaliza. Zitatunso. Ngati papepala pali zinayi, liwulo laduka pena pake.

Ndi momwe tinagwirira nyanja yathu yoduka ija. Inalembedwa البح يرة. Chala chinakhudza batani la mpata pakati pa liwu, ndipo chilembo ح, poganiza kuti liwu latha, chinatambasula mchira wake wakumapeto. Chimenecho ndiye chizindikiro chake: mukaona chilembo chavala maonekedwe akumapeto chili pakati pa liwu, dziwani kuti pali mpata wobisala. Mu Word mukagwira Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi, mpata uliwonse umaoneka ngati kadontho, ndipo wobisala uja amayaluka.

Vuto lina ndi lotembenuza: mpata kusowa pomwe umafunika. Ili ndi lochenjera, chifukwa liwu likathera pa chimodzi mwa zilembo zisanu ndi chimodzi zija, kusowa kwa mpata sikuoneka msanga. Koma likathera pa chilembo chogwira, mawu awiri amamatana n'kubala liwu lachitatu. Chitsanzo chachikulu chili pakamwa pathu tsiku lililonse. "Mulungu akalola" ndi mawu atatu: إن شاء الله. Anthu ambiri amamata awiri oyambawo n'kulemba إنشاء الله. Koma إنشاء ndi liwu lina, lotanthauza kumanga kapena kukhazikitsa chinthu. A shehe atalipeza pa tsamba lomaliza analizunguliza kawiri ndi cholembera chofiira.

Palinso kaliwu و, "ndi". M'kalembedwe ka Chiarabu kamakhala moyandikana ndi liwu lotsatira popanda mpata. Wozolowera Chichewa amakasiya payokha pakati pa mipata iwiri, mwina mpaka kutsala kokha kumapeto kwa mzere. Kufufuza mpata, wawu, mpata kunatipezera tonse.

Pa ulendo womwewu tinayang'ananso madontho a zilembo zomaliza, poti nawo amasintha liwu. على ndi "pa", koma علي ndi dzina la munthu, Ali. مدرسه yopanda madontho awiri si مدرسة.

Nanga chikuto chija? Apo wotaipa sanalakwitse chilembo ngakhale chimodzi. Anakopera dzina lolembedwa bwino n'kuliika m'pulogalamu yokonzera zithunzi ndi zikwangwani imene sinakonzedwe kuti izindikire zolemba zoyambira kumanja. Pulogalamu yotere imayala zilembo chimodzichimodzi kuchokera kumanzere, chilichonse m'maonekedwe ake a payekha. Mukayenda m'misika ya kuno mudzaona zikwangwani zina za malo odyera ndi mabutchala zili ndi matenda omwewa. Mankhwala ake si kutaipanso, koma kutsegula mbali ya pulogalamuyo yoona zinenero za ku Middle East. Mu InDesign, mwachitsanzo, amasankha Adobe World-Ready Paragraph Composer. Ife tinakonzera chikuto momwe munali masamba enawo, n'kuchisunga ngati PDF, n'kuchiyang'ananso chitasindikizidwa. Phunziro lake ndi lakuti muziunika pepala lomaliza lotuluka m'makina, chifukwa mawu angathe kuchoka pakompyuta ali bwino n'kuwonongekera m'njira.

Ulendo wachitatu: timizere ta katchulidwe

Timizere timeneti, tomwe mashehe amati haraka, tinapangidwira ntchito yomweyi yoteteza wowerenga. Abu al-Aswad al-Du'ali wa ku Basra ndi amene amakumbukiridwa kuti anayamba kuika madontho osonyeza katchulidwe m'zaka za m'ma 600, ndipo al-Khalil ibn Ahmad, wa mumzinda womwewo, anabweretsa m'zaka za m'ma 700 maonekedwe omwe tikugwiritsa ntchito lero, kuphatikizapo shadda ndi chizindikiro cha hamza. Nyuzipepala za Chiarabu sizitilemba, poti owerenga ake amadziwa kale mawuwo. Mwana wa kwa Makanjira amene kwawo amalankhula Chiyao ndi Chichewa amatifuna tonse.

Onani zomwe kamzere kamodzi kamachita. كَتَبْتُ ndi "ndinalemba". كَتَبْتَ ndi "unalemba", pouza mwamuna. كَتَبْتِ ndi "unalemba", pouza mkazi. Ndipo zilembo zisanu zomwe zija za مدرسة zingakhale مَدْرَسَة, sukulu, kapena مُدَرِّسَة, mphunzitsi wamkazi.

Tisanayambe ulendowu, a shehe anatiletsa kugwira cholembera. Anati, "Mukonza potsatira chiyani? Yambani mwagwirizana." Anali ndi chifukwa. M'mizikiti ndi m'madrasa a kuno muli misahafu ya mitundu iwiri. Ina ndi ya kalembedwe ka ku Madina, ina ndi ya kalembedwe ka ku India ndi Pakistan. Yonse ndi yolondola, koma imaika zizindikiro mosiyana. Ya ku India imaika sukuni pa wawu ndi ya zokoka liwu, ndipo alifu yoyamba liwu imangopatsidwa kamzere kake popanda chizindikiro cha hamza. Ya ku Madina imasiya zilembo zokokazo zopanda kanthu ndipo imalemba hamza. Mnyamata wathu anakulira pa mtundu wina, a shehe amalemba motsatira wina, ndipo kabuku kanatuluka kosakaniza.

Ndiye tinalemba malamulo athu pa pepala limodzi n'kulimata pakhoma. Liwu lililonse likhale ndi timizere tonse, mpaka chilembo chomaliza. Zilembo zokoka liwu zikhale zopanda sukuni. Timizere tiwiri ta "an" tikhale pa chilembo cham'mbuyo mwa alifu, monga غَدًا, osati pa alifu. Njira zonse ziwiri zimapezeka m'mabuku, koma kabuku kamodzi kasankhe imodzi. Lamu ya ال ikhale ndi sukuni pamene ikumveka, monga الْبُحَيْرَة, ndipo pamene sikumveka ikhale yopanda kanthu, chilembo chotsatira chilandire shadda, monga الشَّاطِئ.

Misampha iwiri inatidikira. Woyamba ndi wa shadda ndi kasira. Mitundu ina ya zilembo za pakompyuta imaika kasira pansi pa shadda, pamwamba pa chilembo, m'malo moika pansi pa chilembocho. Mwana amaona kamzere pamwamba n'kuwerenga "a". Wamkulu amadziwa kuti kamzere kokhala pamwamba pa shadda ndi fataha, kokhala pansi pake ndi kasira, koma kwa oyamba kumene tinasankha mtundu wa zilembo wotsitsa kasira pansi penipeni. Wachiwiri ndi wa kamzere kotaipidwa kawiri. Mafataha awiri akhoza kusanjikizana n'kuoneka ngati amodzi okhuthala, kapena ngati "an". Mukakayikira, ikani kaloza pambuyo pa chilembocho n'kumenya Backspace kamodzi. Kamzere kakachoka koma kena n'kutsala, mwamugwira. Chinatithandizanso kwambiri ndi malo a mu Word olembedwa Use this color for diacritics. Timizere tonse titasanduka tofiira, chilembo chosowa kamzere chinayamba kuonekera patali.

Pomwe cholembera chofiira chimaima

Malamulo onsewa ali ndi malire awiri. Oyamba ndi akuti mawu ena ali ndi kalembedwe kawiri kovomerezeka. مسؤول ndi مسئول onse amapezeka m'mabuku osindikizidwa bwino. Apa simukonza cholakwa, mukungosankha chimodzi n'kukhala nacho mpaka kumapeto.

Achiwiri ndi aakulu. Ndime za Kurani sizikonzedwa ndi malamulo a kalembedwe ka masiku ano. Msahafu uli ndi kalembedwe kake kakale, ndipo mawu ena amalembedwamo mosiyana ndi momwe timawalembera m'makalata. Swala, mwachitsanzo, imalembedwa ndi wawu pomwe lero timaika alifu. Wokonza wachangu angaone ngati cholakwa n'kuwononga cholondola. Ndime ya Kurani imayerekezedwa ndi msahafu wosindikizidwa, chilembo ndi chilembo, ndipo womaliza kuiona akhale munthu woisunga pamtima.

Mmene kalili tsopano

Nazi ziganizo zina, zakale ndi zatsopano, kuti muone nokha.

Poyamba:

ما البح يرة عذب

Tsopano, "madzi a m'nyanja ndi opanda mchere":

مَاءُ الْبُحَيْرَةِ عَذْبٌ

Poyamba:

ذهب الصياد الي الشاطي

Tsopano, "msodzi anapita kugombe":

ذَهَبَ الصَّيَّادُ إِلَى الشَّاطِئِ

Poyamba:

ساذهب الى المدرسه غدا انشاء الله

Tsopano, "ndidzapita kusukulu mawa Mulungu akalola":

سَأَذْهَبُ إِلَى الْمَدْرَسَةِ غَدًا إِنْ شَاءَ اللَّهُ

Si kukongola kumeneku! Mzere uliwonse waima mowongoka, liwu lililonse lavala zake. Koma chosangalatsa kwambiri chili m'kalasi. Kale mwalimu ankayamba phunziro ndi kuuza ana kuti, "Tengani mapensulo, apa onjezani ichi, apo fufutani icho," nthawi n'kumatha. Lero amangoti tsegulani tsamba lakuti, ana n'kuyamba. Mwana amatenga kabuku kupita nako kunyumba, amawerenga yekha madzulo, m'mawa n'kubwera ndi katchulidwe kolondola, chifukwa pepala silikumunamizanso. Amayi ena amene amaphunzira masana apempha awoawo. Mwalimu wa madrasa ina ya ku Namwera atakaona anafunsa ngati tinakaitanitsa kunja. Tinaseka mpaka misozi, n'kumuuza kuti katuluka m'makina omwe aja a kuboma.

Wosinthika kwambiri ndi mnyamata wotaipa. Pepala la malamulo lija analijambula n'kulimata pambali pa kompyuta yake. Munthu akabwera ndi kalata yoitanira anthu ku nikahi kapena ku ziyala, iye amayamba wafunsa, "Bambo, timizere tiike ponse kapena ayi?" Tsiku lina anabweza chikwangwani cha kasitomala chisanasindikizidwe, atawona kuti zilembo zamasukana. A shehe atamva anamuitana n'kumuuza pamaso pa anthu kuti, "Mwananga, tsopano ndiwe mlembi." Mnyamatayo anawerama, chimwemwe chikuoneka pankhope ponse.

Inu a mwalimu, a komiti ya mzikiti, ndi inu otaipa a ku Mangochi, Monkey Bay, Namwera ndi kwina konse: musasindikize mazana a makope musanasindikize limodzi loyesera. Lembani malamulo anu pa pepala limodzi. Khalani awiri, wina awerenge mokweza zomwe zalembedwa, wina atsatire m'kope la mwini wake. Werengani katatu, hamza payokha, malumikizidwe paokha, timizere patokha, kenako muonenso pepala lomaliza lotuluka m'makina. Mtengo wake ndi mapepala ochepa ndi cholembera chofiira chimodzi, ndipo ana anu adzawerenga zoona.